Mwana Akamadziwa Liwu la Lembo Lililonse Koma N'kumalephera Kuphatikiza Mawu a Malembo Atatu

Pali vuto limene limabwera pafupifupi chaka chilichonse kwa mphunzitsi wa ana oyamba kumene kuwerenga, ndipo limatulukira pa nthawi imene mphunzitsiyo akuganiza kuti ntchito yolemera yatha. Ana aphunzira maliwu a malembo kwa masabata angapo, lembo lililonse lili ndi chinthu chake chogwirika komanso chizindikiro chake cha manja, ndipo mukakweza khadi la lembo la m onse amayankha mosakayika. Koma tsiku limene mwandandalika malembo atatu, monga i, m ndi a, n'kupempha mwana mmodzi kuti awerenge, iye amatchula liwu loyamba n'kuima, amatchula lachiwiri n'kuimanso, amatchula lachitatu, kenako amakuyang'anani kudikira kuti mumuuze mawuwo. Wina amangotchula mawu alionse amene amubwerera m'mutu, ndipo wina amachita zizindikiro zitatu zonse ndi manja molondola, pakamwa pali duu.

Aphunzitsi ambiri akaona zimenezi amabwerera ku makadi ndi kubwereza maliwu kwa sabata ina, kapena amawonjezera malembo atsopano poyembekezera kuti kuphatikiza kudzabwera kokha. Ine ndaona kuti njira ziwirizi sizithandiza kwenikweni, chifukwa nthawi zambiri mwanayo sanaiwale kanthu. Cholakwika chimakhala m'kaphunzitsidwe ka maliwuwo, ndipo chimakhala chobisika mpaka tsiku limene maliwu akufunika kulumikizana.

Yambani ndi khutu, malembo ali pambali

Musanasinthe chilichonse, khalani ndi mwanayo payekha kwa mphindi zitatu kapena zinayi, makadi onse mutawabisa. Muuzeni kuti mutchula mawu pang'onopang'ono ndipo iye akuuzeni mawu amene wamva. Yambani ndi maphatikizo, monga "ma" ndi "so", mutasiya kampata pakati, muone ngati anene kuti "maso". Akakhoza mawu atatu otere, pitani ku maliwu ndipo mutchule "aaa", "nnn", "aaa", poyamba mowakoka popanda kupuma, kenako mowadula ndi kampata ka sekondi imodzi.

Mwana amene akulephera ngakhale pa maphatikizo sanafike pofunika malembo atatu, ndipo ayenera kusewera kaye ndi mawu a pakamwa kwa masiku angapo, monga kumuuza kuti agwire "mu-tu" kapena aloze "te-bu-lo". Mwana amene akukhoza maliwu okokedwa koma n'kulephera odulidwa ali ndi vuto la mipata, limene ndilifotokoza m'munsimu. Koma gulu lalikulu ndi la ana amene amakhoza zonsezi ndi khutu pamene inu mukutchula, n'kulephera pokhapokha akamatchula okha kuchokera pa khadi. Pamenepo dziwani kuti luso lophatikiza alinalo, koma maliwu amene akutuluka m'kamwa mwake si oyera. Mupatseni makadi limodzilimodzi, mumvetsere mwatcheru chimene akunena pa lembo lililonse, ndipo muchilembe monga momwe wachitchulira, osati monga momwe inu mumafunira kuti atchule.

Kamchira kumapeto kwa liwu

Chifukwa chofala kuposa zonse ndi kaliwu kowonjezera kamene kamamatirira kumapeto kwa malembo opanda liwu. Mwana ataona m amati "mu", ataona n amati "ni" kapena "na", ataona s amati "si". Kwa wolankhula Chichewa izi n'zachibadwa, popeza pafupifupi phatikizo lililonse m'chinenero chathu limatha ndi a, e, i, o kapena u, ndipo lilime silizolowera kusiya liwu lili lokha. Ife aphunzitsi ndife amene timayambitsa, makamaka tikamakweza mawu kuti ana akumbuyo amve, pakuti n'kovuta kufuula liwu la f kapena t popanda kuliwonjezera kanthu.

Pa makadi paokha kamchira aka sikaoneka ngati cholakwa, ndipo mphunzitsi amachonga kuti mwana akudziwa lembolo. Koma taonani zimene zimachitika pa mawu akuti "ima". Mwana amatchula "i", kenako "mu", kenako "a", ndipo akaziphatikiza mokhulupirika monga mwamuphunzitsira amapeza "imua", kapena amathamangira ku mawu amene amawadziwa, n'kunena kuti "imwa". Mwanayo waphatikiza bwinobwino, kungoti waphatikiza maliwu anayi m'malo mwa atatu. Tikamuuza kuti walakwa popanda kumusonyeza pamene palowa liwu lachinayi, iye amayamba kuganiza kuti kuphatikiza n'kulota chabe, ndipo amasiya kudalira khutu lake.

Kukonza kwake kumayambira m'kamwa mwa mphunzitsi. Pa m tili ndi mwayi, chifukwa liwu limeneli limamveka lokha m'mawu monga "mtengo" ndi "m'manja", choncho mungathe kuuza mwana kuti ayambe kunena "mtengo" koma aime milomo idakali yotseka. Lamulo losavuta kwa mwana ndi lakuti pa m milomo isatseguke mpaka liwu litatha, pa n lilime lisachoke kuseri kwa mano a m'mwamba, ndipo pa f mano asachoke pa mlomo wa m'munsi. Pa maliwu a s, f, p, t ndi k pali njira ina yotsimikizira: mwana aike zala ziwiri pakhosi pake, ndipo akamva kunjenjemera adziwe kuti kamchira kalowa, chifukwa maliwu asanu amenewa akatchulidwa oyera kholingo silinjenjemera. Ana amakonda kuyesa zimenezi, ndipo posakhalitsa amayamba kugwirana okhaokha wina akalowetsa kamchira, nthawi zina n'kumugwiranso mphunzitsi.

Chofanana ndi ichi ndi kusokoneza dzina la lembo ndi liwu lake. Mwana amene anaphunzira kaye kuimba alifabeti amaona "ima" n'kunena "ayi, emu, eyi", ndipo palibe munthu angaphatikize zimenezo n'kupeza mawu. Simufunika kumuletsa mayinawo. Muuzeni kuti dzina timaligwiritsa ntchito poitana lembo, koma powerenga timafuna liwu lake, ndipo kwa masabata angapo inuyo mufunse funso limodzi lokha lakuti, "Lembo ili likuti chiyani?"

Chinthu ndi chizindikiro zikalanda malo a liwu

Zinthu zogwirika ndi zizindikiro za manja zimathandizadi mwana kukumbukira, ndipo sindikunena kuti tizisiye. Vuto limabwera pamene zasankhidwa mosasamala, kapena pamene zakhalitsa kupitirira nthawi yake.

Tiyambe ndi kasankhidwe. Chinthu choimira lembo chiyenera kuyamba ndi liwu lomwelo lili lokha, lotsatiridwa ndi a, e, i, o kapena u. Pa p tengani pepala kapena pensulo, osati phazi, chifukwa "ph" ndi liwu lina. Pa k tengani kapu kapena kiyi, osati khutu. Pa t tengani tebulo, osati thumba kapena tsache, ndipo pa n pewani mawu monga "nyumba", "njinga" ndi "nsapato", chifukwa m'mawu amenewa mwana sangamve n woyera. Kulakwitsa kumeneku n'kosavuta kukuchita, popeza wamkulu amayang'ana kalembedwe ka mawu pomwe mwana amangodalira zimene akumva. Chenjeraninso ndi zizindikiro zotengedwa ku maphunziro a Chingerezi, monga kuuzira mpweya pachikhatho potchula p. M'Chichewa mpweya wamphamvu umenewo umasandutsa p kukhala ph. Mukagwira kapepala patsogolo pa milomo, kayenera kugwedezeka potchula "pha" koma kakhale pafupifupi chiimire potchula "pa". Pa malembo a liwu asanu aja, a, e, i, o ndi u, n'kovuta kupeza zinthu zabwino zogwirika, kupatula zochepa monga uta, choncho ndi bwino kuwaphunzitsa ndi kaonekedwe ka kamwa, mwana akudziyang'ana pa kalilole kapena akuyang'ana mnzake.

Mu 1984, katswiri wofufuza za kuwerenga wa ku America, Linnea Ehri, ndi anzake anasonyeza kuti ana amakumbukira bwino liwu la lembo pamene chithunzi cha chinthucho chajambulidwa motsatira kaumbidwe ka lembolo, kusiyana ndi pamene chithunzi chili pachokha chosafanana ndi lembo. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti chinthu chiyenera kukokera maso a mwana ku lembo. Mukakweza kapu m'mwamba, khadi la k lili patebulo, ana onse akuyang'ana kapu, ndipo chimene akuphunzira ndi chakuti kapu imayamba ndi liwu lakutilakuti, osati kuti kalembo kameneka kamatchulidwa motero.

Tsono pali nkhani ya kukhalitsa. Mwana amene wazolowera kunena "m, m, maso" nthawi zonse amayenda ulendo wautali pa lembo lililonse: amaona lembo, amakumbukira chinthu, amachita chizindikiro, kenako n'kufika pa liwu. Pa khadi limodzi ulendo umenewu sumuvuta, koma pa malembo atatu mutu wake umadzaza, ndipo akamafika pa lachitatu loyamba lija lathawa. Mudzamuzindikira chifukwa amayang'ana m'mwamba kapena pakhoma pamene pali zithunzi asanayankhe, kapena manja ake amayamba kuyenda pakamwa pasanatseguke. Chotsani zothandizirazi mwadongosolo. Masiku awiri kapena atatu oyamba a lembo latsopano, gwiritsani ntchito chinthu, chizindikiro ndi liwu pamodzi. Kenako bisani chinthucho ndi kusiya kutchula dzina lake, mutsale ndi chizindikiro ndi liwu. Pomaliza mwana apinde manja kapena aike chala pansi pa lembo, atchule liwu lokha. Muyezo umene ine ndimatsatira ndi wakuti lembo lakonzeka kulowa m'mawu pamene mwana akutchula liwu lake m'masekondi awiri, manja ali phee. Chizindikiro chimatsala ngati chomukumbutsa akaiwala, ndipo wochichita akhale inuyo, mosatulutsa mawu, kuti liwulo alipeze yekha.

Mipata pakati pa maliwu

Ngakhale maliwu atakhala oyera, mwana amene waphunzitsidwa kuwatchula modula, liwu lina ndi linzake atatalikirana, amayenera kusunga zidutswa zitatu m'mutu kenako n'kuzimanga yekha. Kawirikawiri liwu limene limatayika ndi loyamba, moti "ana" amasanduka "na" ndipo "ife" amasanduka "fe". Kafukufuku wa Selenid Gonzalez-Frey ndi Linnea Ehri, wofalitsidwa mu 2021, anapeza kuti ana amene anaphunzitsidwa kukoka maliwu mosadula mpweya anawerenga bwino mawu atsopano kuposa amene anaphunzitsidwa kupuma pakati pa maliwu, ndipo a gulu lachiwiriwo ankaiwala kwambiri liwu loyamba.

Choncho phunzitsani mwana kuti asatseke mawu ake mpaka atafika kumapeto. Chala chikhale pansi pa lembo loyamba iye akukoka "aaa", chiyende kupita pa lachiwiri liwu likusintha kukhala "nnn" popanda kupuma, chifike pa lachitatu, ndipo zonse zimveke ngati "aaannnaaa". Kenako chala chidutse mofulumira pansi pa malembo onse ndipo anene mawuwo monga timalankhulira. Njira imeneyi imatheka ndi maliwu okokeka okha, monga m, n, l, s, f ndi z, ndipo n'chifukwa chake malembo oyamba kuphatikiza ayenera kuchokera m'gulu limeneli. Simufunika kudikira kuti alifabeti yonse ithe. Ndi malembo anayi okha, a, i, m ndi n, mwana angawerenge kale "ana", "ina" ndi "ima", ndipo mukawonjezera u ndi o amapeza "uma", "inu", "ona", "ino" ndi "umo".

Maliwu a p, t ndi k sakokeka, choncho abwere pambuyo. Pa mawu monga "apa", "uta" ndi "ika", musamuuze mwana kuti atchule lembo lapakati palokha. Akoke liwu loyamba, akonze kamwa lake pa lembo lachiwiri osatulutsa kanthu, ayang'ane lachitatu, kenako atulutse awiriwo pamodzi, kuti zimveke "aaa-pa".

Mmene zinayendera ndi mwana mmodzi

Ndinali ndi mtsikana wa zaka 6 amene pa makadi ankadziwa malembo asanu ndi atatu, ndipo pa zizindikiro za manja ndiye ankatsogolera anzake. Nditamupatsa "ima" anachita zizindikiro zitatu, n'kunena kuti "imwa". Nditamupatsa "ana" anati "a, na, a", n'kukhala chete akukanda patebulo. Poyesa ndi khutu lokha anakhoza mawu asanu mwa asanu, odulidwa ndi okokedwa omwe, choncho ndinadziwa kuti vuto silinali pa kumva kapena pa kuphatikiza. Nditalemba zimene ankanena pa khadi lililonse ndinapeza "mu", "na", "si" ndi "li", ndipo ndinazindikira kuti umu ndi momwe ineyo ndinkatchulira ndikamakweza mawu pamaso pa kalasi yonse.

Tinkakhala pamodzi mphindi zisanu ndi ziwiri patsiku, ndi malembo anayi okha: a, i, m ndi n. Masiku awiri oyamba sitinawerenge mawu alionse. Tinangochita mpikisano woona amene angakoke "mmm" nthawi yaitali milomo ili yotseka, ndipo pomaliza ankayenera kusiya liwu kaye, n'kuwerenga chamumtima mpaka ziwiri, asanatsegule pakamwa. Apa ndi pamene panali povuta, chifukwa "u" uja ankatuluka pa mphindi yomweyo yotsegula milomo. Tsiku lachitatu ndinamupempha kuti akhalire manja ake pamene ndikukweza makadi. Anachedwa pa n, phewa likugwedezeka pofuna kuchita chizindikiro, koma pofika kumapeto ankayankha msanga.

Tsiku lachinayi ndinajambula mabokosi atatu ogundizana papepala, njira imene imadziwika ndi dzina la katswiri wa ku Russia, Daniil Elkonin. Poyamba tinagwiritsa ntchito mabatani atatu opanda malembo: ine ndinkanena "ima", iye n'kumakankhira batani limodzi m'bokosi pa liwu lililonse. Atanena "i, mu, a" ndinamufunsa kuti "u" ameneyo alowa m'bokosi liti, ndipo anayang'ana mabokosi atatu odzazawo n'kuseka, chifukwa anaona yekha kuti mlendoyo alibe malo. Kenako tinachotsa mabatani n'kuika makadi a malembo, ndipo anayendetsa chala akukoka "iiimmmaaa". Ulendo woyamba anangokoka osazindikira kanthu. Ulendo wachitatu, atafulumizitsa chala, anakhala kaye chete, n'kudzuka pampando n'kuimirira. Kuyambira pamenepo ndinayamba kusankha dala mawu olamula monga "ima", "ona" ndi "ika", kuti chochita ndi thupi chibwere mawu atawerengedwa, chisonyeze kuti tanthauzo lamveka, osati chibwere pakati pa lembo ndi liwu.

Sabata yachiwiri tinawonjezera u ndi o, ndipo kamchira kanabweranso pa l titangomulowetsa, moti "ali" anamuwerenga "a-li-i". Zinatitengera masiku ena awiri. Ndikunena izi kuti musadabwe: kukonza lembo limodzi sikukonza onse, ndipo lembo lililonse limene linaphunzitsidwa ndi kamchira liyenera kuyeretsedwa palokha.

Kudziwa ngati akuwerengadi kapena waloweza

Pakapita masiku ochepa mwana amaloweza kaonekedwe ka mawu amene mumawabwereza, ndipo mungaganize kuti vuto latha. Njira yoyesera ndiyo kusintha lembo limodzi lokha iye akuona. Yalani "ana", chotsani a woyamba muike i kuti akhale "ina", sinthani n muike m kuti akhale "ima", kenako sinthani i muike u kuti akhale "uma". Mwana amene akuwerengadi amayang'ana pamene pasinthapo n'kukokanso maliwu, pomwe woloweza amabwereza mawu akale kapena amalota potengera lembo loyamba. Akalota, musamuuze yankho ndipo musamupatse chithunzi. Bwezani chala chake pa lembo loyamba, mukoke naye limodzi kamodzi, kenako akoke yekha.

Kuyesa kumeneku kuchitike kwa mwana mmodzimmodzi kapena m'kagulu ka ana anayi kapena asanu. Poyankha onse pamodzi, ana atatu achangu ndiwo amawerenga, ndipo ena onse amangotsatira mawu awo patapita kamphindi kochepa kwambiri kamene khutu la mphunzitsi silingakagwire. Mukafuna kuona zimenezi, yang'anani maso awo: wowerenga amayang'ana malembo, pomwe wotsatira amayang'ana pakamwa pa mnzake.

Pali ana ena ochepa amene njira zonsezi siziwasuntha. Ngati mwagwira ntchito ndi mwana tsiku ndi tsiku kwa masabata anayi kapena asanu, maliwu anu ali oyera ndipo malembo ndi ochepa, koma iye akulepherabe kuphatikiza ndi khutu lokha, kapena sakusiyanitsa mawu oyandikana monga "ina" ndi "ima" mukawatchula mutaphimba pakamwa panu ndi pepala, lankhulani ndi makolo ake kuti akayezetse makutu kuchipatala. Matenda a m'khutu obwerezabwereza amachepetsa kumva kwa mwana mwakuti maliwu ofewa monga f ndi s samufika bwino, ngakhale kuti pocheza amaoneka ngati akumva zonse. Makutu akapezeka kuti ali bwino, mwanayo aonedwe ndi mphunzitsi wodziwa za ana ovutika kuwerenga, ndipo podikira zimenezo mukhazikeni kutsogolo kumene angaone milomo yanu, mupitirize naye masewera a maphatikizo a pakamwa, ndipo musamuwonjezere malembo atsopano mpaka anayi oyambawo atayamba kulumikizana.